Kukonza makomandi achidule ndi mabatani a AutoCAD mu ofesi yathu ya mapulani ku Kasungu

4 Malichi

Mu ofesi muno tilimo atatu: ine, mdala amene anandiphunzitsa ntchitoyi, ndi mtsikana wina wochokera ku koleji ya zaluso amene wabwera kudzaphunzira kwa miyezi itatu. Makompyuta ndi awiri, wapadesiki ndi laputopu yanga, ndipo onse ali ndi AutoCAD 2021. Zomwe timajambula ndi nyumba za zipinda zitatu kapena zinayi, magolosale, mipanda, nthawi zina tchalitchi. Miyezi ino ntchito imakhala yochepa chifukwa anthu ali kumunda. Koma msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Chinkhoma, aliyense amabwera ndi kapepala kake m'thumba, ndipo aliyense amafuna pulani yake mawa.

Chaka chatha nyengo imeneyo dzanja langa lamanja linkawawa kuyambira pachikhatho mpaka paphewa. Ndiye ndaganiza kuti milungu ino ndikonze kagwiridwe kanga ka ntchito. Ndikufuna kuti dzanja lamanja lisamachoke pa mausi, lamanzere lisamachoke kumanzere kwa kiyibodi.

Lero sindinasinthe chilichonse. Ndangoyatsa kaundula woti pulogalamuyi izilemba komandi iliyonse yomwe ndagwiritsa ntchito. Ndalemba `LOGFILEMODE` n'kuika 1. Mukafuna kudziwa komwe fayilo yake ikusungidwa, lembani `LOGFILENAME`. Ndiisiya sabata yonse.

11 Malichi

Ndatsegula mafayilo a kaundula aja mu Notepad n'kumawerenga ndi pensulo. Zinanditengera madzulo onse koma sindikudandaula. Ndinkaganiza kuti ndimagwiritsa ntchito makomandi ambirimbiri. Ayi ndithu. Pafupifupi tsiku lonse limathera pa asanu ndi atatu okha: `OFFSET`, `TRIM`, `COPY`, `MOVE`, `PLINE`, `DIMLINEAR`, `ROTATE` ndi `MIRROR`. `CIRCLE`, amene ali ndi chilembo chapafupi kwambiri, C, ndinamugwiritsa ntchito kangapo kokha sabata yonse, pojambula thanki ya madzi ndi dzenje la zonyansa.

Kaundulayu amasonyezanso njira yomwe mwaitanira komandi. Mukadina chithunzi pamwamba pa sikirini, mzerewo umaoneka ngati `Command: _offset`, wokhala ndi kamzere kapansi kutsogolo. Mukachita kulemba pa kiyibodi, kamzereko sikakhalapo. Apa m'pamene ndinaona gwero la vuto langa. `DIMLINEAR` ndinkadina ndi mausi nthawi zonse, chifukwa chidule chake, DLI, chimafuna kuti dzanja lamanzere lidumphire ku L ndi I kenako libwerere. O wa `OFFSET`, M wa `MOVE`, PL wa `PLINE`, MI wa `MIRROR`, onsewa ali mbali ya kumanja kwa kiyibodi. Ndiye mwina ndimayang'ana pansi kufunafuna chilembo, mwina ndimasiya mausi, mwinanso ndimayendetsa mausi ulendo wopita pamwamba ndi kubwerera. Ulendo umodzi si kanthu, koma pulani imodzi ya nyumba imakhala ndi miyeso yambirimbiri.

Kaundula ndamuzimitsa, ndabwezera 0, kuti mafayilo asamangochuluka.

13 Malichi

Zidule zonse zimakhala mu fayilo imodzi yotchedwa `acad.pgp`. Ndi fayilo ya mawu wamba. Njira yachidule yoitsegulira ndi `Manage`, kenako `Edit Aliases`. Koma ine ndinayamba ndafunsa pulogalamuyo kuti ikuwerenga fayilo iti, polemba izi pa mzere wa komandi:

```
(findfile "acad.pgp")
```

Inandipatsa njira yaitali yodutsa mu `AppData`. Ndisanakhudze kanthu ndinakopera fayiloyo n'kuisunga pa fulashi. Chitani zimenezi poyamba, chonde.

Mzere uliwonse umakhala ndi chidule, koma, kenako nyenyezi ndi dzina lonse la komandi. Kumapeto kwa fayilo kuli gawo lotchedwa `User Defined Command Aliases`, lomwe analisiyira ifeyo. Chidule chikalembedwa kawiri m'fayiloyi, cham'munsi ndicho chimagwira ntchito, choncho palibe chifukwa chofufutira za pamwamba. Ine ndinalemba izi m'munsimo:

```
C,    *COPY
F,    *OFFSET
T,    *TRIM
V,    *MOVE
D,    *DIMLINEAR
```

Ndinasunga, ndinabwerera ku chojambula, ndinalemba C. Panabwera `CIRCLE` yemwe uja. Ndinatsegulanso fayilo kuganiza kuti ndalakwitsa kalembedwe, koma zonse zinali bwino. Nkhani yake ndi yakuti pulogalamuyi imawerenga `acad.pgp` pamene ikuyaka, ndiye mukasintha ili yoyaka kale muyenera kuiuza kuti iwerengenso. Komandi yake ndi `REINIT`, n'kuchonga pa `PGP File`. Nditatero C anakhala `COPY`. Madzulo amenewo ndinajambula golosale yonse dzanja lamanja lili pa mausi, ndipo ndinapita kunyumba mtima uli mbee.

14 Malichi

Dzulo ndinaiwala chinthu chachikulu: kompyuta yapadesiki si yanga ndekha.

Mdala anakhalapo m'mawa kuti amalize pulani ya mpanda. Ndinangomva akuguguda pa kiyibodi, kenako anaitana.

"Achimwene, tabwerani kuno. Kompyuta iyi yalowa vairasi. Ndikulemba F kuti ndilumikize ngodya, ikundifunsa mtunda."

Ndinawafotokozera zomwe ndinachita. Sanakalipe, koma anandiyang'ana kanthawi ndithu asanayankhe.

"Zala izi zakhala zikulemba F zaka zambiri inu musanayambe ntchito. Mukufuna ziphunzirenso lero? Nanga mwana uyu akachoka pano n'kukalembedwa ntchito ku Lilongwe, akakalemba C kuyembekeza `COPY` pamaso pa abwana ake, adzati anamuphunzitsa ndani?"

Mfundo yachiwiriyi ndi imene inandigwira mtima. Zidule zomwe pulogalamuyi imabwera nazo ndi zofanana mu ofesi iliyonse imene munthu angapite. Ndikalanda C, F, T, V ndi D, ndiye kuti ndasokoneza `CIRCLE`, `FILLET`, `MTEXT`, `VIEW` ndi `DIMSTYLE` kwa wina aliyense wokhala pampandopo, ndipo wophunzira ndamuzoloweza zinthu zomwe sakazipeza kwina. Ndinawapepesa, ndinafufuta mizere isanu ija pomwepo.

Tinagwirizana kuti zakale zisakhudzidwe, zanga zikhale zongowonjezera. Njira yomwe ndapeza ndi yobwereza chilembo. Chala chili kale pa batanilo, kuligunda kawiri sikutaya nthawi, ndipo chala chachikulu chimamaliza ndi batani lalitali la pansi lija, lomwe mu AutoCAD limagwira ntchito ngati `Enter`.

```
; zidule za ofesi
CC,   *COPY
FF,   *OFFSET
TT,   *TRIM
VV,   *MOVE
DD,   *DIMLINEAR
QQ,   *PLINE
WW,   *MIRROR
RR,   *ROTATE
```

Mzere woyamba ndi semikoloni pulogalamu siuwerenga, ndi wongokumbutsa munthu. Chidule chilichonse ndinayamba ndachifufuza m'fayilo ndi `Ctrl+F` kuti ndione ngati chili kale ndi mwini wake. Zinathandiza. AA ndinkafuna kumupatsa ntchito ina, koma ndinapeza kuti ndi `AREA`, yemwe mdala amagwiritsa ntchito powerengera kukula kwa zipinda, ndiye ndinamusiya. RR ndi wa `RENDER`. Ameneyu ndinawafunsa, anati chiyambire sanamugwiritsepo ntchito, ndipo anavomera kuti ndimutenge. Ndi chidule chokhacho chakale chomwe ndalanda, ndipo ndachilemba pa kapepala kamene ndamata pakhoma.

18 Malichi

Laputopu yanga mabatani ake apamwamba amafuna kugwira `Fn` kaye, apo ayi m'malo moyatsa `ORTHO` ndi F8 umapezeka wasintha zina za laputopuyo. Ndagula kiyibodi ya waya pa shopu ina m'tauni muno, K18,000. Ndi ndalama yokhayo yomwe ndatulutsa pa ntchito yonseyi mpaka pano.

Vuto lina lakale ndi F1. Ili pafupi ndi `Esc`, ndipo chala chikaphonya pamatseguka zenera la chithandizo, lomwe limayesa kulumikiza intaneti n'kuimitsa ntchito kwa kanthawi. Ndaisandutsa `Esc` wachiwiri. Zimenezi sizichitikira mu `acad.pgp`, zimachitikira mu zenera lomwe limatseguka mukalemba `CUI`. M'munsi kumanzere, pa `Command List`, ndinapanga komandi yatsopano, ndinaitcha `Leka`, ndipo pa `Macro` ndinasiya izi zokha:

```
^C^C
```

Chizindikiro `^C` chilichonse chili ngati kugunda `Esc` kamodzi. Amaika ziwiri chifukwa makomandi ena umakhala walowa mkati mwa funso lachiwiri, ndipo kamodzi kokha kamangokubwezera pa funso loyamba. Kenako ndinakokera komandiyo ku `Keyboard Shortcuts`, pansi pa `Shortcut Keys`, n'kuipatsa F1 pa `Key(s)`.

Ndili mkati mokonza zina m'zenera lomweli pa kompyuta yapadesiki, magetsi anazima. Atayaka ndinapeza kuti zonse za theka la ola zapita, chifukwa sindinadine `Apply` ngakhale kamodzi. Kusunga kodzichitikira kuja kumateteza chojambula chokha, osati zomwe mukukonza mu `CUI`. Kuyambira lero ndikudina `Apply` ndikangomaliza chinthu chimodzi, ndipo ntchito ya mtundu uwu ndizichitira pa laputopu, yomwe ili ndi batire.

21 Malichi

Kuzima kwa magetsi kuja kunandipangitsa kuganiziranso za komwe zinthuzi zikusungidwa. Zonse zomwe ndinkakonza zinkalowa mu `acad.cuix`, fayilo yaikulu ya pulogalamuyo. Tsiku lina ikadzavuta, wina n'kudina `Reset`, imabwerera mmene inabwerera kuchokera kwa eni ake, ndipo ntchito yanga yonse idzapita nayo. Ndiye ndapanga fayilo yathuyathu. Mu `CUI`, pa `Transfer`, mbali ya kumanja, ndinasunga fayilo yatsopano ndi dzina loti `ofesi.cuix`, kenako ndinailowetsa ndi `CUILOAD`. F1 uja ndamuchotsa mu fayilo yaikulu n'kumupanganso muno.

Fayiloyi ndaiika mu foda ya `D:\OFESI\CAD`, pamodzi ndi kope ya `acad.pgp` yathu. Kuti pulogalamu iziwerenga zimenezi, ndinapita ku `OPTIONS`, `Files`, `Support File Search Path`, n'kuwonjezera fodayo. Poyamba sizinagwire. `findfile` ankandionetsabe ya ku `AppData`. Pulogalamuyi imafufuza mafoda kuyambira pamwamba pa mndandanda ndipo imatenga fayilo yoyamba kuipeza, pomwe foda yanga inali pansi penipeni. Ndinadina `Move Up` mpaka inafika pamwamba, ndinatseka pulogalamu n'kuyatsanso, ndipo `findfile` analoza ku D. Ubwino wake ndi wakuti tsopano zonse zili malo amodzi, ndipo kusamutsira pa kompyuta ina ndi kungokopera foda.

25 Malichi

Chidule cha mu `acad.pgp` chili ndi malire: chimangoitana komandi, sichingayankhe mafunso ake. FF amanditsegulira `OFFSET`, koma mtunda ndiyenera kulemba ndekha. Ndipo mitunda yomwe ndimalemba tsiku lonse ndi itatu yokha: 230 wa khoma la njerwa lakunja, 115 wa khoma logawa zipinda, ndi 150 wa mabuloko a simenti. Pamenepa m'pamene tuluba, kamzere ka mabatani kaja, ili ndi ntchito, chifukwa batani lake limanyamula komandi pamodzi ndi mayankho.

Mu `ofesi.cuix` ndinadina kumanja pa `Toolbars`, `New Toolbar`, ndinaitcha `MAKOMA`. Batani loyamba ndi ili:

```
^C^C_OFFSET;230;
```

Semikoloni aliyense pano ndi `Enter` mmodzi. Ndiye batanili likuti: leka zomwe umachita, yamba `OFFSET`, mtunda ndi 230, kenako dikira munthu asankhe mzere. Ena awiri ndi chimodzimodzi, nambala yokha ndi yomwe yasintha.

Lachinayi ndi limene linandivutitsa. Ndinkafuna kuti lizindisamutsira pa leya ya makoma, gulu lomwe mizere ya makoma imakhalamo, kenako n'kuyamba `PLINE`, chifukwa kujambula khoma pa leya yolakwika ndi cholakwa chomwe ndimachipeza mochedwa, nthawi yosindikiza, mizere itatuluka yopyapyala. Ndinalemba, ndinadina, pansi panatuluka `Invalid option keyword`. Nditagunda F2 kuti ndiwerenge zomwe zachitika mzere ndi mzere, ndinaona kuti pambuyo pa dzina la leya ndinaika semikoloni mmodzi. Mmodziyo amangomaliza dzina. `-LAYER` amakhala akadali wotsegula, akudikira kuti umuuze china, ndiye mawu oti `_PLINE` anawatenga ngati yankho lomwe sakulidziwa. Pamafunika wachiwiri wotsekera komandiyo:

```
^C^C_-LAYER;_M;MAKOMA;;_PLINE
```

Kamzere kapakati, `-`, ka kutsogolo kwa `LAYER` ndi kofunika. Popanda iko pamatseguka zenera la maleya, ndipo batani silingayankhe zenera, limangoyankha mafunso a pa mzere wa komandi. Batani likakuvutani, musalimbane nalo mongoganizira. Lembani komandiyo pamanja, muwerenge kuti mwagunda `Enter` kangati, ndipo masemikoloni akhale chiwerengero chomwecho.

Tuluba ndinaiika kumanzere kwa sikirini. Tsiku lotsatira mtsikana uja anasintha `Workspace` kupita ku ina n'kubwerera, ndipo tuluba inasowa. Anachita mantha kuganiza kuti waifufuta. Sinafufutike, kungoti sindinasunge maonekedwe a sikirini. Ndinaibwezeretsa, ndinalemba `WSSAVE`, ndinapereka dzina loti `OFESI`. Nkhani yomweyo ndinamuonetsanso `Ctrl+9`, chifukwa sabata yatha mzere wa komandi unamusowa ataigunda mwangozi pofuna zina.

1 Epulo

Lero batani la 230 landichititsa cholakwa chomwe chikanafika kwa kasitomala.

Bambo wina wa ku Santhe akufuna mpanda wa njerwa kuzungulira puloti yake ya mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi. Anabweretsa fayilo yochokera kwa saveya. Ndinatsegula, ndinadina batani la 230, ndinasankha mzere wa malire, ndinadina mkati mwa puloti. Palibe chinaoneka. Ndinabwerezanso, osaoneka. Ndinayesa mbali zina zitatu zija, chimodzimodzi. Ndinayamba kukayikira batani, mpaka ndinatsegula `CUI` kukaliyang'ana, koma linali bwinobwino.

Chinandiululira ndi kudina kawiri kagudumu ka mausi, komwe kamaonetsa chojambula chonse. Puloti ija inachepa n'kukhala kabokosi pakati pa sikirini, ndipo kutali mbali zonse zinayi kunali mizere yomwe ndinkapanga ija. Ndinayeza mbali yaitali ya puloti ndi `DIST`, inandipatsa 30, osati 30000. Masaveya amajambula mu mamita, ife timajambula mu mamilimita. Pulogalamuyi siidziwa kuti 230 wanga ndi wa chiyani, imangowerenga magawo 230 a muyeso wa chojambulacho. Khoma langa linali lokhuthala mamita 230.

Chomwe chinandidetsa nkhawa si kulakwitsako, koma kuti kale sindinkalakwitsa chonchi. Ndikamalemba mtunda pamanja ndinkayamba ndaima n'kuganiza kuti fayilo ili mu muyeso uti. Batani linachotsa kaimidwe kameneko. Ndikanapanda kuona, mizere yosochera ija ikanatsala m'fayilo, ndipo ikanasokoneza posindikiza kapena kwa wina wodzaitsegula pambuyo pake.

Mankhwala ake ndi oti batani liyambe lafunsa muyeso wa chojambula. Zimenezi masemikoloni okha sindikanazikwanitsa nawo bwino, ndiye ndalemba kapulogalamu kakang'ono mu AutoLISP, chinenero cholembera mapulogalamu mkati mwa AutoCAD. Muyesowo umasungidwa mu `INSUNITS`: 4 ndi mamilimita, 6 ndi mamita, 0 ndiye kuti sunatchulidwe.

```
(defun khoma (mm / u)
  (setq u (getvar "INSUNITS"))
  (cond
    ((= u 4) (command "_.OFFSET" mm))
    ((= u 6) (command "_.OFFSET" (/ mm 1000.0)))
    (T (alert "Yezani kaye: mamita kapena mamilimita?"))
  )
  (princ)
)
(defun c:W1 () (khoma 230.0))
(defun c:W2 () (khoma 115.0))
(defun c:W3 () (khoma 150.0))
```

Chojambula chikakhala cha mamilimita, kamapereka 230. Chikakhala cha mamita, kamagawa ndi 1000 n'kupereka 0.23. Chikakhala china chilichonse, kamakana kugwira ntchito n'kutulutsa uthenga. Mbali yachitatuyi poyamba sindinaiike, ndinangoti chilichonse chosakhala 6 chitengedwe ngati mamilimita. Nditayesa pa mafayilo akale a masaveya omwe tili nawo, ndinapeza ina yojambulidwa mu mamita koma `INSUNITS` yake ili 0, ndipo khoma linathawiranso kutali. Kuli bwino kapulogalamuka kandiimitse kusiyana n'kuti kaziganiza m'malo mwanga.

Dziwani kuti kameneka kamakhulupirira zomwe `INSUNITS` wanena. Wina akajambula mu mamita pa fayilo yomwe nambalayi ili 4, kadzalakwitsabe. Ndiponso kusintha nambalayi sikukulitsa kapena kuchepetsa chojambula, kumangolemba dzina la muyeso. Choncho fayilo iliyonse yochokera kunja ndikumayamba ndayeza mbali imodzi yomwe ndikuidziwa kutalika kwake, kenako n'kukonza `INSUNITS` kuti igwirizane nayo.

Phindu lina lomwe sindinaliyembekezere: dzina lililonse loyamba ndi `c:` limasanduka komandi yolembeka pa kiyibodi. W1, W2 ndi W3 onse ali pansi pa dzanja lamanzere. Mabatani atatu a pa tuluba ndawasintha kuti azingoitana mayina omwewa, mwachitsanzo `^C^CW1`, kuti mdala, amene amakonda kudina, nayenso atetezeke.

3 Epulo

Kapulogalamu kaja ndakasunga ngati `ofesi.lsp` mu foda yathu. Kuti kazilowa kokha nthawi zonse, ndinalemba `APPLOAD`, ndinadina `Contents` pansi pa `Startup Suite`, n'kukawonjezera. Nditayatsanso panabwera chenjezo lofunsa ngati fayiloyi ndi yodalirika. Njira yabwino si kuzimitsa chenjezolo, koma kuwonjezera `D:\OFESI\CAD` pa `Trusted Locations`, mu `OPTIONS` momwe muja.

Ndikunena izi chifukwa kuno mafayilo amayenda pa fulashi, kuchoka kwa saveya, kupita kosindikiza, kubwerera kwa ife. Alipo mavairasi olembedwa m'chinenero chomwechi amene amadzibisa m'mayina ngati `acad.lsp` ndi `acaddoc.lsp` n'kumadzikopera m'mafoda a zojambula. Mukapeza fayilo ya dzina limeneli pafupi ndi pulani yomwe wina wakupatsani, ndipo simunailembe ndinu, musailole kulowa. N'chifukwa chakenso yathu ndaipatsa dzina losiyana, kuti aliyense mu ofesi muno asamasokoneze yathu ndi yachilendo.

8 Epulo

Kusamutsira pa kompyuta yapadesiki kunatenga mphindi makumi awiri: kukopera foda, kuika njira yake pamwamba, `Trusted Locations`, `CUILOAD`, `APPLOAD`, `WSSAVE`. Chimodzi chokha chinavuta. Kompyutayo ilibe D, ili ndi C yekha, ndiye njira zonse ndinazilemba ndi `C:\OFESI\CAD`. Masitepe asanu ndi limodziwa ndawalemba mu kafayilo ka mawu n'kukasiya mu foda momwemo, kuti tsiku lomwe kompyuta idzafufutidwe n'kuikidwanso pulogalamu, asadzadikire ine.

Mdala anakhala pansi n'kuyesa F, C, T, D mmodzimmodzi. Onse anachita zomwe amachita kale. Kenako anadina batani la 115, anayang'ana khoma lomwe linatuluka, analiyeza.

"Ili lokha ndilitenga," anatero. "Zobwereza zilembozo ndi zanu."

Mtsikana uja ndamuuza kuti mwezi uno agwiritse ntchito zidule zakale zokha mpaka zikhazikike m'zala. Anafunsa kuti, "Abwana, nanga W1?" Ameneyo ndamulola, pokhapokha azindiuza kaye kuti fayilo yomwe watsegula ili mu muyeso uti.

29 Epulo

Ntchito yayamba kubwera. Patha milungu isanu ndi umodzi chiyambire kugwiritsa ntchito zidule zobwereza, ndipo ndinayatsanso kaundula masiku atatu kuti ndione zomwe zakhazikika. CC, TT, VV, DD ndi W1 ndikuzilemba osaganizira. `_dimlinear` wodina ndi mausi sakupezekanso m'kaundula. FF wachepa ntchito chifukwa mitunda yambiri yapita kwa W1 ndi anzake. WW sanakhazikike. Nthawi zonse ndimapezeka ndalemba MI, mwina chifukwa `MIRROR` sindimuitana pafupipafupi moti chala n'kuzolowera. Ndamuchotsa m'fayilo ndi pa kapepala ka pakhoma.

QQ ali ndi kavuto kake. Kangapo ndamulemba komandi ina isanathe, ndipo zilembozo zinapita ngati yankho la funso lomwe linali pa mzere. Chidule chimagwira ntchito pokhapokha pamene mzere uli pa `Command:` wopanda kanthu. Mabatani a pa tuluba alibe vutoli chifukwa amayamba ndi `^C^C`. Ndikuzolowera kugunda `Esc` kaye, ndipo popeza F1 nayenso ndi `Esc` tsopano, kuphonya sikukundiopsanso.

Tuluba yatsala ndi mabatani anayi omwe aja. Ndinawonjezera ena asanu a zitseko ndi mawindo, koma zithunzi zake zinkafanana kwambiri moti ndinkataya nthawi kuwerenga dzina la lililonse, ndiye ndawachotsa. Zitseko ndi mawindo ndidzaziika pa `Tool Palettes` msika ukatsekedwa. Dzanja lamanja likuwawabe madzulo a tsiku lotanganidwa, koma ululu sukufikanso paphewa. Mawa kukubwera fayilo ina ya saveya, ya puloti ya ku Chamama, ndipo ndauza mtsikana uja kuti aitsegule ndi iyeyo, ayeze mbali imodzi ndi `DIST`, andiuze nambala asanadine chilichonse.